Kalata imene ndinasiyira injiniya wondilowa m'malo ntchito yomanga ili pakati

Uthenga wondisamutsa unandipeza pa 10 Okutobala, nyumba yosanja yogonamo ophunzira imene tinkamanga ku Lilongwe itangofika pa zipilala za pansi. Akuluakulu a kampani anandipatsa masabata awiri oti ndisiye ntchitoyo m'manja mwa injiniya wina, ndipo tsiku langa lomaliza linali 24 Okutobala. Sindinkadera nkhawa mapulani kapena makiyi a ofesi, pakuti zimenezo munthu amangopatsira mnzake pamanja. Chimene chinandisowetsa tulo ndi zinthu zimene zinali m'mutu mwanga mokha, zimene zikanachoka nane limodzi tsiku lonyamuka.

Ndisanalembe chilichonse, ndinatha masiku awiri ndikuwerenga buku lolembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, buku la malangizo a injiniya woyang'anira amene amaimira mwini ntchito, zokambirana za m'misonkhano ndi zotsatira za ku labotale. Paliponse pamene wina analonjeza chinthu koma palibe umboni woti chinachitika, ndinkachongapo ndi cholembera chofiira. Kenaka ndinazungulira malo onse ndi akapitawo, ndipo ulendo umenewo ndi umene unaulula kuti opinda zitsulo ankagwiritsabe ntchito pulani yakale ya masitepe, chonsecho yatsopano inali itafika mu ofesi. Yakaleyo tinaichotsa tsiku lomwelo, ndipo m'kalata ndinatchula nambala ya pulani iliyonse imene ikugwira ntchito.

Nkhani iliyonse ndinailemba moyankha mafunso amodzimodzi: vuto lake ndi lotani, lili pati, lili m'manja mwa yani tsopano, ndipo ndi tsiku liti limene lidzayambe kuwononga ngati palibe wochitapo kanthu. Funso la tsikuli ndilo linasankha nkhani yoyamba m'kalata, chifukwa munthu wofika kumene amawerenga tsamba loyamba mofatsa, ndipo masamba enawo amawasiyira mawa.

Nkhani yoyambayo inali ya zipilala zinayi za kumvuma zimene tinathira konkire pa 6 Okutobala. Mapulani amafuna konkire ya mphamvu ya mamegapasikali 25, ndipo mphamvu imeneyi imatsimikizidwa pophwanya ku labotale makiyubu a mamilimita 150 oumbidwa ndi konkire yomweyo, ena atatha masiku 7, ena atatha masiku 28. Konkire yabwino ikakwana masiku 7 imakhala itafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yake, kutanthauza 16 kapena 17, koma athuwo anapereka 13. Zotsatira za masiku 28 zinali zoti zidzatuluka pa 3 Novembala, ine nditachoka kale, pomwe ndondomeko ya ntchito inkanena kuti silabu ya pamwamba pa zipilalazo ithiridwe pa 29 Okutobala. Injiniya watsopano akanangotsata ndondomekoyo mokhulupirika, akanasenzetsa katundu wolemera zipilala zokayikitsa, ndipo zikanadzalephera mayeso, kuzikonza kukanafuna kuchirikiza kapena kugumula silabu yatsopano.

Choncho ndinalemba motere: "Musathire silabu ya kumvuma kufikira zotsatira za pa 3 Novembala zitafika ndipo injiniya woyang'anira wavomereza polemba." Ndinawonjezera zimene ndinaona ndi maso anga, ngakhale kuti zina zinkaloza ine ndemwe. Mchenga wa tsikulo unachokera kumtsinje wina ndipo unali ndi dothi lambiri, moti ndinaufinya m'manja n'kusiya chikhatho chofiirira, koma sindinaimitse ntchito monga ndinayenera kuchitira. Komanso makiyubuwo anakhala padzuwa masiku awiri asanaviikidwe m'madzi, zimene zimatha kutsitsa zotsatira ngakhale chipilala chenicheni chili bwino. Ndinafotokoza kuti ngati a masiku 28 adzalepherenso, chotsatira ndi kupempha chilolezo choboola zipilalazo ndi kuchotsamo tizidutswa tokayeza, osati kuthamangira kugumula. Ena amabisa zoterezi poopa kuipitsa mbiri yawo, koma ine ndinaona kuti m'nyumba imeneyo mudzagona ana a anthu.

Pa zilolezo zodikira, nkhani imene inanditengera nthawi inali ya maziko a mbali ya mabafa ndi zimbudzi. Pokumba tinapeza dothi la makande, lomwe limafufuma likanyowa ndi kung'aluka likauma, ndipo pa 2 Okutobala injiniya woyang'anira ananena pakamwa, titaima m'mphepete mwa ngalandeyo, kuti tizamitse kuchoka pa mita 1.2 kufika pa 1.8. Ngalandeyo inali yotalika mamita 40 ndi yotambalala mita 0.6, motero tinakumba ndi kudzaza makiyubiki mita 14.4 amene sanali m'mgwirizano. Ntchito inachitika, koma pepala losonyeza kusinthako linali lisanasainidwe, ndipo mgwirizano wathu umapereka masiku 28 okha oti kontalakita adziwitse polemba kuti adzafuna ndalama kapena nthawi yowonjezera. Masikuwo ankatha pa 30 Okutobala. Nkhani yotere sindikanaisiyira munthu amene sanamve nawo mawuwo, choncho ndinalemba chidziwitsocho ndisanachoke, n'kuphatikiza zithunzi zokhala ndi tepi yoyezera m'ngalande, ndipo m'kalata yosiyira ntchito ndinangonena kuti chatsala ndi siginecha, n'kutchula amene akuisunga ndi tsiku limene ndinawakumbutsa komaliza.

Zilolezo zina ndinazidutsa mwachidule: pempho lolumikiza magetsi ndi la madzi, limodzi ndi nambala za malisiti ake, ndiponso satifiketi yachinayi ya malipiro imene inali isanavomerezedwe.

Pa zoopsa, ndinapewa mawu ongoti "samalani ndi mvula", chifukwa aliyense amadziwa kuti mvula imayamba mu Novembala ndipo mawu oterowo sauza munthu chochita. Ndinalemba kuti dzenje la zonyansa za m'zimbudzi, lakuya mamita 2.5, lili pululu popanda matabwa ochirikiza m'mbali mwake, kuti madzi a padenga la sitolo amatsikira komweko, ndiponso kuti munthu asalowemo lisanachirikizidwe. Ndinatchulanso matumba 300 a simenti amene anafika mu Ogasiti, pakuti simenti ikapitirira miyezi itatu m'sitolo imayamba kuchepa mphamvu, makamaka kukachita chinyezi. Ndinapempha kuti agwiritsidwe ntchito poyamba, ndipo thumba lililonse lokhala ndi zibuma zosaphwanyika ndi zala lisapite ku zipilala kapena ku silabu.

Pa 23 Okutobala injiniya wondilowa m'malo anafika, ndipo sindinamupatse kalatayo mu ofesi. Tinaitenga m'manja n'kuyenda nayo, kuima pa chipilala chilichonse chimene ndinachilemba ndi penti yofiira, pa dzenje paja ndi m'sitolo. Iye anandifunsa funso limene linandionetsa pamene ndinaperewera: "Kodi makiyubu a masiku 28 ali kuti, ndipo adzapita nawo ku labotale ndi ndani?" Zimenezi sindinalembe, chifukwa nthawi zonse ndinkapita nawo ndekha. Tinapita ku mgolo wa madzi kuseri kwa sitolo, tinawerenga makiyubu atatu olembedwa tsiku la 6 Okutobala, ndipo ndinawonjezera mzere pamanja wotchula malowo ndi dalaivala wodzawanyamula. Tinasaina makope atatu, limodzi lake, lina la ku likulu la kampani, lina langa, ndipo pansi pa siginecha ndinaika nambala yanga ya foni ndi pempho loti adzandiuze zotsatira za pa 3 Novembala zikangotuluka.