Keke yogwa pakati: tayambani mwaidula

Mwana wa mlongo wanga wa ku Chilenje, kuno ku Lusaka, ananditumizira chithunzi cha keke yake pa WhatsApp, atajambula pamwamba pokha. Pakati panali dzenje ngati mtondo. “Azakhali, chalakwika n’chiyani? Loweruka kuli phwando la mkwatibwi.” Achibale anali atagamula kale mlandu: wina akuti anatsegula uvuni msanga, wina akuti bekingi pawuda anatha mphamvu. Zimenezi zimandinyansa, chifukwa pawuda wakutha mphamvu sagwetsa keke. Kekeyo siifufuma n’komwe, imatuluka yafulati ndi yolimba. Kuti igwe, iyenera kuyamba yakwera.

Ndinamuuza kuti aidule pakati, ajambule mkati, ajambulenso chitini asanachitsuke. Chitinicho ndicho chinaulula zambiri. M’mbali munali chizindikiro chosonyeza kuti kekeyo inafika pakamwa pa chitini n’kutsikanso. Mkati, chakunja kunali mabowo akuluakulu, pakati pali mzere wonyowa, wothinana. Pamwamba panali potuwa, posapserera. Mabowo aakuluwo amatanthauza kuti mpweya unachuluka, ndipo kutuwako kumasonyeza kuti moto unachepa. Pakanakhala pakuda ndi pong’aluka, mkati muli mwauwisi, ndikanati moto unachuluka.

Kenako ndinafunsa muyezo. Fulawa magalamu 250, shuga 250, majarini 250, mazira anayi, masupuni aang’ono awiri a bekingi pawuda, zonse m’chitini chimodzi cha masentimita 20, pa madigiri 180. Anaupeza kwa mnzake wa ku Durban. Apa mpamene anthu ambiri a kuno amaphonya. Durban ili m’mphepete mwa nyanja, pomwe Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280. Kuno mpweya supanikiza kwambiri, choncho thovu la m’keke limakula msanga, mazira ndi fulawa zisanalimbe kuti ziligwire. Madzi nawonso amawira pa madigiri pafupifupi 96, motero chinyezi chimathawa msanga n’kusiya shuga atachuluka mphamvu, ndipo shuga wambiri amachedwetsa keke kulimba.

Koma chimene chinandidyera tsiku ndi choyezera kutentha kwa uvuni. Ndinkafuna kutsimikiza za moto wochepawo tisanawonongenso mazira. Ndinazungulira masitolo a ku Kamwala dzuwa likuswa mtengo. Apa akundipatsa choyezera malungo, apo akunditumiza kwa ogulitsa zitsulo za galimoto. Pamene ndinachipeza, wogulitsa anakweza mtengo ataona kuti ndatopa, ndipo anakana zoti ndikachibweze chikakhala chosagwira. Munthu wogulitsa zitini za keke mpaka kudenga, koma osadziwa kuti uvuni umayezedwa! Ndinagula ndikung’ung’udza. Titachiika mu uvuni wa mwanayu, kabatani kali pa 180, chinaonetsa 165 basi.

Ndaiwala kunena za fulawa, chomwe chinali vuto lalikulu kuposa zonse. Nditafika ku Chilenje n’kuona paketi, anali fulawa uja wosakaniza kale ndi pawuda. Muyezowo umafuna fulawa wamba. Kawirikawiri supuni yaing’ono imodzi ya pawuda imakwana magalamu 125 a fulawa wamba, ndiye iye poonjezera masupuni awiri pa fulawa wokhala kale ndi pawuda wake, anaika pafupifupi kawiri. Kuphatikizapo kukwera kwa Lusaka ndi uvuni wofooka, keke ikanaima bwanji? Izi chithunzi cha pamwamba sichingakuuzeni. Dulani keke, onetsani mkati, onetsaninso paketi.

Tinakonza motere. Fulawa wamba magalamu 250, pawuda supuni yaing’ono imodzi ndi theka, yosadzaza mulu koma yosalazidwa ndi mpeni. Shuga tinatsitsa kufika 230, n’kuthira masupuni aakulu awiri a mkaka. Majarini ndi shuga anazitakasa mpaka zitangoyera, osapitirira, chifukwa kutakasa kwambiri kumalowetsanso mpweya wosafunika. Tinagawa m’zitini ziwiri kuti pakati papse msanga. Kabatani tinakasunthira pafupi ndi 200 kuti choyezera chiime pa 185, ndipo chitseko sichinatsegulidwe mpaka mphindi 20 zitadutsa. Pa mphindi 25 anabaya kamtengo pakatikati, osati m’mbali, kanatuluka kouma, ndipo pamwamba pankabwerera akadina ndi chala.

Ngati kwanu magetsi amathimathima, onani kaye ndandanda musanaswe mazira, chifukwa keke ikazimiridwa moto isanalimbe pakati imagwa ngakhale muyezo uli wolondola. Ndipo amene mukugwiritsa ntchito fulawa wosakaniza kale, musaonjezere pawuda ngakhale pang’ono. Mungochotsa masupuni aakulu anayi a fulawayo n’kubwezerapo anayi a fulawa wamba.