Botolo la mango ndi nambala za makolo

Lolemba m'mawa abwana anandiikira patebulo botolo la chakumwa cha ana, la mamililita 300, lojambulidwa mango wakupsa. Kasitomala wathu, kampani ina ya zakumwa muno mu Blantyre, amafuna uthenga wa pa wayilesi ndi zikwangwani zokaika pafupi ndi sukulu za pulayimale. Mawu anali atasankha kale: "Zipatso zenizeni, mwana wamphamvu."

Ndinatembenuza botololo. Timalemba ta kumbuyo timati madzi a zipatso ndi magawo 5 pa 100 alionse, shuga magalamu 11 pa mamililita 100. Botolo lonse ndiye kuti magalamu 33, masupuni a tiyi asanu ndi atatu. Mayi uti angathire shuga wotere m'kapu ya mwana wake akuona?

Lachiwiri tinakangana mpaka tiyi anazizira. Abwana anati, "Achimwene, bodza lili pati? Zipatso zilimo." N'zoona, zilimo, ndipo mpamene pavuta. Liwu lililonse palokha ndi loona, koma chithunzi, mawu ndi kanyimbo zikaphatikizana, womva amakhulupirira kuti akugula madzi a mango. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalanga makampani osocheretsa ogula, ndipo kusocheretsa sikulira bodza lamkunkhuniza. Wamkulu akamva wayilesi amadziwa kuti wamalonda satsutsa katundu wake, amachotserako yekha. Mwana wa Sitandade 2 alibe sefa imeneyo. Zimene wamva m'nyimbo amakazilirira pagolosale.

Chondisowetsa tulo chinabwera Lachitatu. Kasitomala anawonjezera mpikisano: ana alandire timapepala pageti la sukulu, alembe dzina, zaka ndi nambala ya foni ya kholo, opambana alandire mpira. Nditafunsa kuti nambalazo zipita kuti, anandiyankha mosabisa kuti azidzatumizira makolowo mauthenga a malonda, zikachuluka adzagawireko kampani inzawo.

Apa mpira ndi nyambo chabe. Mwini nambala sanafunsidwe, wauza ena ndi mwana woti sangavomereze kanthu m'malo mwa kholo lake. Lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe amaliyang'anira ndi a MACRA, limafuna kuti munthu adziwe chimene mukutengera zambiri zake, ndipo musakazigwiritse ntchito ina. Ndinakumbuka amayi anga kumudzi, omwe foni yawo ikalira usiku amadzidzimuka poganiza kuti ndi uthenga wa maliro, kupeza ndi otsatsa malonda.

Lachinayi ndinalemba njira ina: mpikisano uchitikire m'sitolo, kholo lilembe lokha, pakhale kabokosi kochonga ngati likufuna mauthenga, nambala zifufutidwe mpikisano ukatha. Abwana anadandaula kuti titola zochepa. Sindinakane.

Lachisanu kasitomala anavomera za timapepala, mawu akuti "zenizeni" anachotsa. Zikwangwani za pafupi ndi sukulu anakanitsitsa kuzisiya, ndipo ndine ndinasainira kuti zikasindikizidwe. Imodzi mwa sukuluzo ndi imene amaphunzirako mwana wanga.