Momwe ndimajambulira vidiyo ya uchi wathu, kuyambira pa masekondi atatu oyamba

Ine ndimagulitsa uchi womwe timafula ku ming'oma yathu kufupi ndi Likhubula ku Mulanje, ndipo makasitomala ambiri ndimawapeza pa foni. Ena ali ku Chitakale konkuno, ena ku Limbe, ndipo awo ndimawatumizira pa minibasi. Anthuwa salawa uchiwo asanagule. Amadalira zomwe aona pa vidiyo, komanso vidiyoyo saionera yonse ngati chiyambi chake sichinawagwire. Facebook imawerenga padera anthu omwe aonera masekondi atatu okha, ndipo chala cha munthu sichichedwa kukankha kupita kwina. Ntchito yanga yaikulu imakhala pa masekondi atatuwo.

Ndisanagwire foni ndimayamba ndadzifunsa kuti wogula amakayika chiyani. Pa uchi yankho aliyense amalidziwa: anthu amaopa kugula shuga wosungunula wothira m'botolo. Ndiye nkhani ya malonda anga si yakuti uchi ndi wokoma, pakuti zimenezo anazidziwa kale ali ana. Nkhani ndi yakuti uchi uwu wachokera m'chisa cha njuchi, ndipo manja omwe aufula ndi awa. Choyamba kuoneka pa sikirini chiyenera kuyankha chikaiko chimenecho munthu asanamve mawu alionse.

N'chifukwa chake vidiyo yanga imayambira pa mpeni uli kale m'chisa, uchi ukuyenderera kugwera m'sefa. Sindiyambira pomwe ndikutola mpeni kapena pomwe ndikuyandikira tebulo. Kamera imakhala pafupi kwambiri, mwakuti chisa ndi dzanja zimadzaza pafupifupi sikirini yonse. Chinthu chikamayenda, diso limafuna kuona pomwe chithere, ndipo uchi umadontha pang'onopang'ono, motero umam'gwira munthu nthawi yokwanira kuti awerenge zomwe ndalemba.

Pali zinthu zitatu zomwe ndimazichotsa poyambira, ndipo chimodzi chimandiwawa. Chizindikiro cha bizinesi chokhala chokha pa sikirini chimauza munthu kuti uku n'kutsatsa, ndiye amadutsa. Phiri la Mulanje nalo limakopa, makamaka nsonga ya Chambe kukacha bwino, koma aliyense wobwera kuno amalijambula, ndipo woonera sadziwa ngati ukugulitsa uchi, malo ogona kapena ukungosangalala. Chachitatu ndi moni. Ife tinaleredwa kuti suyamba nkhani usanapereke moni, ndipo kulumphira pa malonda kumaoneka ngati mwano. Komabe mukanena kuti "Muli bwanji nonse, abale ndi alongo, lero ndabwera kuti ndikuuzeni", masekondi atatu aja atha, uchi sunaoneke. Moni sindinautaye ayi. Ndimaupereka nkhope yanga ikaonekera, cha pa sekondi yachinayi kapena yachisanu, munthu atasankha kale kukhala nane. Phiri nalo limabwera pamenepo, lili kumbuyo kwanga, ngati umboni wa komwe uchi wachokera.

Kajambulidwe kake n'kosavuta koma kamafuna chidwi. Foni ndimaiimika chilili, chifukwa TikTok, Reels ndi Status ya WhatsApp zonse zimadzaza sikirini pa muyeso wa 9:16. Ndimapukuta galasi la kamera ndi kansalu kouma, pakuti pa ntchito ya uchi zala zimamata, ndipo kadontho kamodzi pagalasi kamachititsa chithunzi chonse kuoneka ngati muli nkhungu. Ndimagwiritsa ntchito kamera ya kumbuyo, yomwe pa mafoni ambiri imajambula bwino kuposa ya kutsogolo. Tebulo ndimaliika pakhonde m'mawa, dzuwa likuchokera cham'mbali komanso chakumbuyo kwa chisa, kuti kuwala kudutse mu uchimo. Mukatero uchi umawala ngati golide. Dzuwa likakhala kumbuyo kwanu umaoneka wakuda, wosasiyana ndi mafuta. Tsiku la chiperoni sindijambula uchi. Kenako ndimadina pa chisa pa sikirini n'kugwira chala pompo, kuti kamera isamasinthesinthe poyang'ana uchi ukayamba kuyenda. Zigongono ndimazitsamiritsa patebulo kuti foni isanjenjemere.

Ndikatha ndimatsegula CapCut, pulogalamu yokonzera mavidiyo pa foni. Kachidutswa kalikonse kamakhala ndi sekondi imodzi kapena ziwiri koyambirira zomwe palibe chikuchitika, dzanja likungokonzeka. Ndimasuntha mpaka pomwe dontho loyamba likugwa, ndimadina Split, n'kufufuta za koyambirirazo. Chithunzi choyambacho n'chofunikanso pa chifukwa china cha kwathu kuno. Anthu ambiri amatseka zoti mavidiyo azilowa okha pa WhatsApp pofuna kusunga bandulo, ndiye mukatumiza m'gulu amangoona kachithunzi kosaoneka bwino ndi kukula kwa vidiyoyo. Ngati kachithunzi kameneko ndi khoma kapena mdima, palibe amene awononge bandulo yake. Ngati ndi mtundu wa uchi wodzaza ponseponse, amadina. Pa chifukwa chomwecho ndimasankha 720p potulutsa ya pa WhatsApp, kuti isalemere.

Mawu olembedwa ndimaika kuyambira pa chithunzi choyamba, chifukwa ambiri amaonera foni ili chete, ali mu minibasi kapena ku ntchito. Ndimalemba mzere umodzi waufupi: "Tafula dzulo ku Likhubula." Mzerewu umanena malo ndi nthawi, zinthu zomwe wogulitsa shuga wosungunula sangazionetse. Ndimaulemba pokhapokha ngati tafuladi dzulo. Ndimauika pamwamba pang'ono pa pakati, popeza pa TikTok m'munsi mumakhala dzina ndi mawu ofotokozera, ndipo kumanja kuli mabatani, zonsezo zimaphimba zolemba zanu.

Zotsalazo zimayenda msanga. Nkhope yanga ndi moni, phiri kumbuyo. Mng'oma uli mumtengo. Uchi ukulowa m'botolo lomwe lili ndi dzina lathu. Pomaliza mtengo wake ndi nambala ya foni, zikhale pa sikirini nthawi yoti munthu athe kuziwerenga kawiri. Zonse pamodzi sizipitirira masekondi 25. Botolo la dzina lathu ndimaliimika pambali pa sefa kuyambira poyamba, kuti ngakhale wodutsa msanga alione. Mawu apakamwa ndimajambula padera m'nyumba, zitseko zili zotseka, chifukwa mphepo ya m'mphepete mwa phiri imaphimba mawu onse.

Pakapita masiku angapo ndimakaona momwe yayendera. Pa TikTok, mu Analytics, muli mzere wosonyeza pomwe anthu amasiyira kuonera. Nthawi zonse umatsika koyambirira, zimenezo zisakudandaulitseni. Koma ukagwa kwambiri pa masekondi awiri oyamba, vuto lili pa chithunzi choyamba, ndipo ndimasintha chokhacho, zina zonse n'kuzisiya momwe zilili, kuti ndidziwe chomwe chasintha zinthu. Ukagwa pomwe nkhope yanga yaonekera, ndiye kuti moni watalika. Status ya WhatsApp imangoonetsa amene atsegula, siinena kuti anaonera mpaka pati, ndiye kumeneko ndimayang'ana mafunso omwe akubwera. Akamafunsa kuti "Ndi weniweni?" ndimadziwa kuti chisa sichinaoneke bwino, ndipo ndimajambulanso ndili pafupi kwambiri. Akamafunsa kuti "Botolo lalikulu ndi zingati, ndipo ku Limbe lifika liti?" ndimayamba kulongedza mabotolo m'katoni.