Sabata youza makasitomala za tchuthi cha Khrisimasi pamalo osindikizira ku Limbe

Ntchito yathu ndi yosindikiza mabuku a malisiti, makalendala ndi timapepala tomata pamabotolo. Makasitomala ena amabwera okha kudzatenga katundu wawo pano pa Limbe, koma ambiri timawatumizira kudzera kwa onyamula maphukusi, ku Zomba, Mangochi, Lilongwe, Mzuzu mpaka Karonga. Sabata ya pa 1 mpaka pa 5 Disembala 2025 inali yowadziwitsa za kutseka kwathu. Tsiku lotseka palokha silithandiza kasitomala. Chimene iye akufuna kudziwa ndi tsiku lomaliza limene angapereke oda n'kulandira katundu wake tchuthi chisanayambe, ndipo tsiku limenelo limapezeka powerenga chobwerera m'mbuyo.

Lolemba m'mawa tinayala kalendala patebulo. Khrisimasi inagwa Lachinayi, pa 26 linali Lachisanu lomwenso ndi holide, ndipo pa 1 Januwale 2026 linali Lachinayi. Tinagwirizana zotseka Lachitatu pa 24 Disembala 12 koloko masana ndi kudzatsegula Lolemba pa 5 Januwale. Apa sipanavute. Tisanalembe china chilichonse tinayamba taimbira onyamula katundu amene timagwira nawo ntchito, kufunsa zinthu ziwiri: tsiku lomaliza kulandira maphukusi kuno, ndi tsiku limene ofesi zawo zolandirirako katundu ku Mzuzu ndi ku Karonga zitseke. Funso lachiwirilo ambiri amaliiwala. Phukusi likhoza kunyamuka bwinobwino, kukafika, n'kukhala kuseri kwa chitseko chokhoma mpaka holide itatha, mwini wake ali mtauni momwemo.

Titamva mayankho tinaika masiku awiri otumiza. Katundu wa kumpoto, kutumiza komaliza Lachisanu pa 19. Wa Lilongwe, Zomba ndi Mangochi, Lolemba pa 22. Odzatenga okha, mpaka Lachiwiri pa 23. Wina angafunse kuti bwanji osatumiza mpaka pa 23, poti basi yonyamuka madzulo imafika ku Mzuzu m'mawa mwake. Zimenezo zimatheka mwezi wa Juni. Sabata ya Khrisimasi mabasi amadzaza ndi katundu wa anthu opita kumudzi, ndipo katoni yolemera ya mabuku ndiyo imayamba kusiyidwa kuti idikire ulendo wina. Mvulanso imakhala itayamba, ndipo msewu wa M1 pamapiri a Chiweta, pakati pa Mzuzu ndi Karonga, suyendeka mothamanga nyengo imeneyi. Chifukwa chachikulu ndi ichi: phukusi la pa 19 likasochera kapena likafika lonyowa, tikadali ndi Lolemba ndi Lachiwiri lolilondola kapena kuyamba kusindikizanso. La pa 23 likasochera, pofika pa 24 masana palibe amene ali muofesi woti aimbe foni.

Kuchokera pa 19 tinabwereranso m'mbuyo. Buku la malisiti la makope atatu limadutsa manja anayi: kusindikiza, kuika manambala ndi kuboola mzere wong'ambira, kusanja mapepala oyera, achikasu ndi apinki motsatana, kenaka kumanga ndi kudula m'mbali. Zonsezi zimatenga masiku anayi ogwira ntchito, chifukwa inki imafuna usiku wathunthu kuti iume, ndipo nyengo ya chinyontho mapepala akasanjidwa msanga amadetsana kumbuyo. Timawonjezera tsiku limodzi la ngati magetsi atazima. Choncho ntchito yomaliza iyenera kulowa pamakina Lachisanu pa 12, ipitirire pa 15, pa 16 ndi pa 17, pa 18 likhale tsiku lopumira, pa 19 katundu anyamuke. Oda yomaliza ndiye kuti ndi Lachinayi pa 11, ndipo tinaika 4 koloko madzulo kuti otsatira ntchito apeze ola lokonza ndandanda ya mawa. Kuwerenga komweko kukanalola a Lilongwe kuti afike pa 12, koma kusiyana kwa tsiku limodzi kumangosokoneza anthu. Tinasankha tsiku limodzi la oda kwa onse.

Lachiwiri linathera pa mawu amodzi: oda. Kwa kasitomala, akatumiza uthenga woti "mundipangire mabuku 50" ndiye kuti wapereka oda. Kwa ife imeneyo ndi nkhani chabe. Ntchito siilowa pamakina mpaka zinthu ziwiri zitachitika, dipoziti ya theka italowa, ndiponso chitsanzo chimene tamutumizira atachiona n'kuyankha molemba kuti chili bwino. Madandaulo ambiri a mu Januwale amabadwira pamenepa. Munthu anafunsa kotesheni pa 10, chitsanzo anachivomereza pa 16, ndipo mumtima mwake iye anafulumira. N'chifukwa chake muuthenga sitinalembe kuti "oda yomaliza pa 11" n'kulekera pomwepo. Tinalemba kuti pofika 4 koloko ya tsikulo dipoziti ikhale italowa ndipo chitsanzo chikhale chitavomerezedwa. Ndalama za Airtel Money ndi Mpamba zimaoneka nthawi yomweyo. Cheke timachiwerengera tsiku limene banki yatsimikiza kuti ndalama zalowa, osati tsiku limene tachilandira m'manja, choncho masukulu ndi mabungwe olipira ndi cheke tinawapempha kuti achibweretse pofika Lachisanu pa 5.

Pali malire enanso amene tsiku silitchula. Omanga mabuku athu amamaliza mabuku 100 patsiku. Munthu mmodzi akabwera pa 11 ndi oda ya mabuku 300, wadya masiku atatu a omanga, ndipo ena onse amene anafika pa nthawi yake atsalira. Tinawonjezera mzere woti oda yopitirira mabuku 100 ifike pofika Lolemba pa 8.

Uthenga wa SMS umalola zilembo 160, mipata ndi madontho omwe, ukapitirira umawerengedwa ngati mauthenga awiri. Wathu unali wotere: "Oda yomaliza: Lachinayi 11 Dis, 4 koloko, yolipira dipoziti. Kutumiza komaliza: Kumpoto 19 Dis, kwina 22 Dis. Titseka 24 Dis 12 masana, titsegula 5 Jan." Tsiku la oda lili kutsogolo dala. Uthenga ukayamba ndi mafuno abwino a Khrisimasi, munthu amawerenga mzere woyamba n'kuganiza kuti ndi moni chabe. Ukayamba ndi pa 24, nambala imeneyo ndiyo imatsala m'mutu mwake, ndipo adzabwera pa 22 ndi oda yake. Pa tsiku la odalo, dzina la tsiku timalilemba pamodzi ndi deti, ndipo wina amatsimikiza pakalendala ya chaka chomwecho. Kukopera uthenga wa chaka chatha n'kungosintha manambala ndiko kumabala zinthu ngati "Lachitatu pa 11", kenaka foni n'kumangolira ndi ofunsa kuti zoona ndi ziti. Mawu ngati "sabata yamawa" kapena "tisanatseke" sitiwalola, chifukwa uthenga umawerengedwa masiku osiyanasiyana.

Lachitatu tinatumiza. Pa WhatsApp uthenga wautali, wokhala ndi zonse kuphatikizapo za chitsanzo ndi za oda zikuluzikulu, unapita kudzera pa mndandanda wa Broadcast, wotumizira anthu ambiri uthenga umodzi nthawi imodzi. Mndandanda umodzi umatenga anthu 256, koma msampha wake suli pamenepo. Uthenga wotere umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yathu m'foni mwawo. Amene sanasunge salandira kanthu, ndipo foni siichenjeza. Umadziwira pa kachizindikiro kamodzi kamene kamangokhala kamodzi osasanduka awiri. Madzulo tinayang'ana mayina onse otero n'kuwatumizira aliyense payekha, ena pa SMS. Status imazimiririka pakatha maola 24, ndiye timaitenga ngati chikumbutso chokha. Chikalata chinamatidwa pachitseko ndi pakauntala, ndipo kapepala kakang'ono ka masiku omwewo kanayamba kulowa m'katoni iliyonse yotuluka. Kapepalako n'kothandiza kuposa momwe kamaonekera, chifukwa kamafika m'manja mwa wosunga sitolo amene amaona kuti malisiti atsala pang'ono, pamene uthenga wa pafoni umapita kwa bwana amene mwina ali paulendo.

Lachinayi tinaimbira foni makasitomala 20 amene amagula kwambiri, ndi onse amene mabuku athu akuonetsa kuti amakonda kupereka oda mu Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale. Funso silikhala loti "mwaona uthenga?", chifukwa aliyense amayankha kuti eya. Timafunsa za katundu. Kwa wogulitsa mbewu ndi feteleza wina wa ku Karonga zinayenda motere.

"Bambo, mabuku a malisiti mwatsala nawo angati?"

"Alipo 30, mayi. Akwana mpaka mutsegule."

"Pasabata mukumaliza angati nyengo ino?"

"Pano anthu akugula kwambiri, mwina 8."

Kuchokera pa 4 Disembala, mabuku 30 pa 8 pasabata akutha pasanathe masabata anayi, cha kumapeto kwa mwezi. Ndipo pa 5 Januwale si tsiku lolandira katundu, ndi tsiku lotsegula chitseko. Oda yoperekedwa tsikulo imalowa pamakina pa 6, imatha pa 9, tsiku lopumira n'kukhala pa 12, kunyamuka pa 13. Bamboyo akanakhala masabata awiri opanda lisiti pakati pa nyengo yogulitsa feteleza. Atamva kuwerengako anapereka oda ya mabuku 60, natumiza dipoziti madzulo omwewo. Chitsanzo chinabwerera ndi kusintha kumodzi, manambala ayambire pamene buku lake lomaliza lathera. Zitatero tinawonjezera mzere wina muuthenga wa chikumbutso: katundu woyamba wa chaka chatsopano adzanyamuka pa 13 Januwale, ndipo pa 15, tsiku la John Chilembwe, ndi holide.

Masukulu tinawaimbira mwapadera. Iwo amatseka ife tisanatseke, choncho tsiku lathu la pa 22 likhoza kupeza ofesi ya sukulu ilibe munthu. Aliyense tinamufunsa dzina ndi nambala ya amene adzalandire phukusi, n'kuzilemba pakhadi ya ntchito yake, osati ya amene anapereka oda.

Lachisanu linali lomanga zotsala. Aliyense wogwira pakauntala ndi woyankha foni analandira pepala la masiku omwewo, ndi lamulo limodzi, lakuti woloza tsiku lina kupatula amenewa ndi woyang'anira makina yekha. Kasitomala wakale akachonderera, wapakauntala amachita manyazi n'kunena kuti "tiyesetsa", ndipo kasitomala amamva kuti "zatheka". Yankho limene tinagwirizana kwa obwera mochedwa ndi loti oda tiilandira, ikhala yoyamba pamzere wa pa 6 Januwale, ndipo tsikulo lilembedwe painvoisi.

Pa WhatsApp Business tinakonzeratu Away message, uthenga umene umayankha wokha ife kulibe, yoti idzayambe pa 24 masana mpaka pa 5 m'mawa, yotchula tsiku lotsegula ndi loti mauthenga adzayankhidwa tsiku limenelo. Zikumbutso tinaziika pakalendala kawiri, Lolemba pa 8 ndi Lachitatu pa 10 m'mawa. Tinatsegulanso tsamba m'buku la zotumiza la maphukusi onse a pa 19 ndi pa 22, lokhala ndi nambala ya lisiti ya onyamula katundu, dzina la wolandira, ndi danga lomaliza lopanda kanthu. Tinagwirizana kuti danga limenelo lidzachongedwe wolandirayo akanena yekha pafoni kuti katoni ili m'manja mwake, ndipo onse osachongedwa adzaimbiridwe Lachiwiri pa 23 nthawi isanakwane 10 koloko m'mawa.