Fankishoni imodzi, masilizi atatu a Laurent

Sabata ino pagulu lathu lowerengera pa Chichiri tinali pa masilizi a Laurent, nde chomwe chandikhala mmutu ndichakuti funso lakuti "silizi ya fankishoni iyi ndi iti" silokwana mpaka munthu atanena kuti akufuna dera liti. Fankishoni yomweyo, pakati pomweponso pa z = 0, koma mayankho atatu osiyana ndipo onse ndi olondola.

Tinatenga f(z) = 2/((z-1)(z-3)). Pansi pamakhala ziro pa z = 1 ndi pa z = 3, amenewo nde mapholo ake, malo omwe fankishoni imaphulika. Mukajambula mabwalo awiri ozungulira 0, lina lodutsa pa 1 lina pa 3, pepala lagawika patatu: mkati |z| < 1, mphete yapakati 1 < |z| < 3, ndi kunja konse |z| > 3. Choyamba kuiphwanya kaye, f(z) = 1/(z-3) - 1/(z-1), ukatero chida chomwe chatsala ndi chimodzi basi, silizi ya jiyometiriki ija 1/(1-w) = 1 + w + w^2 + ..., yomwe imagwira pokhapokha |w| < 1. Ntchito yonse ndi kusankha w woti akhaledi wochepera 1 mdera lomwe waimamo.

Mkati mulibe zovuta. -1/(z-1) ndi 1/(1-z) basi, pomwe 1/(z-3) umatulutsa -3 nkukhala -(1/3)·1/(1 - z/3), ukaphatikiza ukupeza 2/3 + (8/9)z + (26/27)z^2 + ..., yomwe ndi ya Taylor wamba, ndipo f(0) = 2/3 ikugwirizana.

Mphete yapakati ndi yomwe ine ndaikonda kwambiri chifukwa zidutswa ziwiri zija zimafuna kugwiridwa mosiyana. Pholo ya pa 3 ikadali kunja kwako, z/3 ndi wochepera 1, nde chidutswa chimenecho sichisintha, chikupereka -1/3 - z/9 - z^2/27 - .... Koma pholo ya pa 1 waidutsa, ili mkati tsopano, z wakula kuposa 1 ndipo 1 + z + z^2 + ... ingothawa osaima, nde apa umatulutsa z mwini wakeyo, -1/(z-1) = -(1/z)·1/(1 - 1/z), w akhale 1/z, ndipo zikutuluka -1/z - 1/z^2 - 1/z^3 - .... Pholo ikakhala mkati imabweretsa mapawa a negativu, ikakhala kunja imabweretsa a pozitivu, umayang'ana chidutswa chilichonse pachokha.

Kuti udziwe ngati walondola ingoika nambala ya mderamo, z = 2. Fankishoni ikupereka 2/((1)(-1)) = -2. Mbali ya negativu ndi -(1/2 + 1/4 + 1/8 + ...) = -1, mbali inayo ndi -(1/3 + 2/9 + 4/27 + ...) = -1, pamodzi -2, ndendende. Munthu akatenga silizi ya mkati ija nkuikamo 2 aona 1 + 2 + 4 + 8 ikukwera, pompo adziwa kuti watulutsa chinthu cholakwika mmabulaketi. Kuyesa kumeneku kumagwiranso ma mayinasi osochera, omwe amavuta kwambiri pa 1/(z-3) paja.

Kunja mapholo onse ali mkati, nde 1/(z-3) = 1/z + 3/z^2 + 9/z^3 + ..., ukachotsa 1/z + 1/z^2 + 1/z^3 + ... ukutsala ndi 2/z^2 + 8/z^3 + 26/z^4 + .... Taonani 1/z wasowa. Sizangozi ayi, nambala ya pa 1/z imakhala kuphatikiza kwa marezidyu a mapholo omwe mpheteyo yawazungulira, rezidyu ya pa 1 ndi -1, ya pa 3 ndi 1, nde pakati paja tinapeza -1 chifukwa tinazungulira pholo imodzi yokha, kunja kuno -1 + 1 = 0. Komanso z akakula kwambiri f imakhala pafupi ndi 2/z^2, silizi ikuyambiradi pomwepo.

Pali mnzathu wina anafunsa kuti poti mphete yapakati ili ndi mapawa a negativu osatha, kodi sindiye kuti pa z = 0 pali singulariti yoyipa ija ya esenshiyo? Funso labwino zedi, chifukwa lamulo limenelo tinaliphunziradi. Koma limagwira pa silizi ya dera lokhudzana ndi malowo, 0 < |z - a| < r, pomwe mphete yathu ikuyambira pa 1, siifika pa 0 nkomwe, ndipo pa 0 fankishoni ili bwinobwino, ndi 2/3. Chimodzimodzi -1 wa pa 1/z uja si rezidyu ya pa 0, ya pa 0 ndi ziro. Ukafuna kuona mtundu wa pholo ya pa 1 umasamutsa pakati, u = z - 1, f = -1/u + 1/(u-2), mdera la 0 < |u| < 2 ukupeza -1/u - 1/2 - u/4 - ..., pawa ya negativu ndi 1/u yokha, nde ndi pholo ya oda 1.