Kiyi wachinsinsi amene amapanganidwa anthu onse akumva

Masabata apitawa ndakhala ndikuphunzira za kabisidwe ka mauthenga pa intaneti, ndipo funso limodzi ndi limene landitengera nthawi yambiri. Anthu awiri sanaonanepo. Chilichonse chimene akutumizirana chikudutsa pamalo poti wina aliyense akhoza kuchiwerenga. Komabe akufuna akhale ndi nambala imodzi yodziwa awiri okha, yoti ikhale kiyi wotsekera mauthenga awo. Akamutumiza kiyiyo, womvetsera amuona. Akafuna kumubisa kaye, pakufunikanso kiyi wina womubisira, ndipo vuto labwerera pomwe lija.

Njira yake anaisindikiza Whitfield Diffie ndi Martin Hellman a ku yunivesite ya Stanford m'chaka cha 1976, ndipo mpaka lero imadziwika ndi mayina awo. Ku Britain, Malcolm Williamson wa ku bungwe la boma la GCHQ anali ataipezanso m'zaka zomwezo, koma ntchito yake inali ya chinsinsi mpaka 1997. Chimene ndagwira pa njirayi n'chakuti kiyi sayenda konse. Palibe amene amamutumiza. Aliyense mwa awiriwo amamupanga yekha kumene ali, ndipo masamu ndi amene amachititsa kuti onse afike pa nambala imodzi.

Mabuku amakonda kutchula anthu awiriwa kuti Alisi ndi Bobu, ndipo womvetsera mobisa amamutcha Eva. Tiyambe ndi penti. Alisi ndi Bobu agwirizana poyera kuti ayambire pa penti wachikasu, ndipo Eva wamva. Kenako Alisi wasankha penti wofiira mwachinsinsi, Bobu wasankha wabuluu, osauzana. Alisi wasakaniza lita imodzi ya wachikasu ndi lita imodzi ya wofiira, wapeza mtundu wa lalanje, watumiza kwa Bobu. Bobu wasakaniza wachikasu ndi wabuluu, wapeza wobiriwira, watumiza kwa Alisi. Zitini zonse ziwiri zadutsa pamaso pa Eva, ndipo tinene kuti watapako mmene akufunira.

Tsopano Alisi athira lita ya penti wake wofiira mu wobiriwira amene walandira. Bobu naye athira wabuluu mu walalanje. Mukayang'ana zimene zili m'chitini cha aliyense, mupeza lita ya wachikasu, lita ya wofiira ndi lita ya wabuluu. Mtundu ndi umodzi, ngakhale kuti anathira mosinthana ndondomeko. Eva ali ndi wachikasu, walalanje ndi wobiriwira. Akasakaniza walalanje ndi wobiriwira, wachikasu akhala malita awiri, ndiye mtundu wake ulekana ndi wa anzake aja. Kuti afanane nawo, ayenera kuchotsa wofiira mu walalanje, ndipo penti akasakanikirana sapatulika.

Chitsanzo cha pentichi chimathandiza kuona ndondomeko, koma chili ndi pofooka pamene ndinaona kuti n'pofunika kupadziwa. Munthu wodziwa penti akaona mtundu wa lalanje, akudziwanso kuti munali wachikasu, amazindikira msanga kuti winayo ndi wofiira. Akhoza kuyesa, n'kuona kuti wayandikira, n'kuwonjezera pang'ono mpaka afanane. Kuti njirayi igwire ntchito zenizeni, pamafunika kusakaniza koti woyesa asadziwe ngati ali pafupi kapena ali kutali. Nambala zimatipatsa zimenezo kudzera mu chotsalira.

Chotsalira n'chomwe chija tinaphunzira ku pulayimale: 125 kugawa ndi 23 ndi 5, kutsala 10. Polemba timati 125 mod 23 = 10. Mu njira ya Diffie ndi Hellman, yankho la kugawalo timalitaya, timasunga chotsalira chokha.

Alisi ndi Bobu agwirizana poyera nambala ziwiri. Yoyamba ndi p = 23, nambala yosagawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe. Yachiwiri ndi g = 5. Ziwirizi ndiye penti wachikasu uja. Alisi wasankha 7 mumtima mwake, Bobu wasankha 3.

Alisi achulukitsa 5 ndi 5 mpaka ma 5 akwane 7, apeza 78125. Agawa ndi 23, ndipo popeza 23 × 3396 = 78108, patsala 17. Atumiza 17. Bobu awerengera 5 × 5 × 5 = 125, patsala 10 monga taonera kale. Atumiza 10.

Alisi walandira 10, ndipo aichitira zomwe anachitira 5 uja, ndi nambala yake yomweyo ya 7. Sayenera kulimbana ndi 10000000 yense, chifukwa chotsalira amatha kuchitenga panjira. 10² ndi 100, patsala 8. 10⁴ ndi 8 × 8 = 64, patsala 18. 10⁶ ndi 18 × 8 = 144, patsala 6. Pomaliza 10⁷ ndi 6 × 10 = 60, patsala 14. Kumbali ya Bobu, walandira 17, ndipo nambala yake ndi 3. 17 × 17 = 289, patsala 13. 13 × 17 = 221, ndipo 23 × 9 = 207, patsala 14. Onse awiri afika pa 14, nambala imene palibe anaitchula panjira.

Chifukwa chake n'chapafupi mukachiona. Nambala 10 imene Alisi analandira ndi 5³, ndipo iye waikweza ndi 7, kutanthauza ma 5 okwana 3 × 7 = 21. Nambala 17 imene Bobu analandira ndi 5⁷, waikweza ndi 3, ma 5 okwana 7 × 3 = 21. Kutenga chotsalira pakati kapena kumapeto sikusintha yankho. Amene ali ndi Python akhoza kutsimikiza:

```python
pow(10, 7, 23)   # 14
pow(17, 3, 23)   # 14
pow(5, 21, 23)   # 14
```

Nanga Eva? Iye wamva 23, 5, 17 ndi 10. Akachulukitsa ziwiri zimene zadutsazo, 17 × 10 = 170, patsala 9, osati 14. Zili choncho chifukwa kuchulukitsa 5⁷ ndi 5³ kumapereka 5¹⁰, pamene iye akufuna 5²¹. Chomwe chingamuthandize n'kudziwa kuti 5 anakwezedwa ndi chiyani kuti patsale 17. Apa ndi pamene ndinalemba zotsalira zonse papepala, kuyambira 5¹ mpaka 5²²:

5, 2, 10, 4, 20, 8, 17, 16, 11, 9, 22, 18, 21, 13, 19, 3, 15, 6, 7, 12, 14, 1

Taonani mmene zikudumphira. Eva akufuna 17. Atayesa 8 apeza 16, ndipo ataganiza kuti wayandikira, 9 imupatsa 11. Atayesa 17 apeza 15, atayesa 15 apeza 19, zonse zooneka ngati zili pafupi ndi 17 pomwe yankho ndi 7. Kufupika kwa chotsalira sikunena kanthu za kufupika kwa nambala yachinsinsi. Popanda chotsalira, 78125 akanaulula 7 nthawi yomweyo, chifukwa ukhoza kungogawa ndi 5 mobwereza n'kuwerenga kuti wagawa kangati.

Ndi 23, Eva angoyesa nambala 22 zonsezo n'kumaliza pa mphindi zochepa. Chitetezo chimabwera ndi kukula kwa p. Masiku ano p amayenera kukhala wa mabiti 2048 kapena kuposa, imene ndi nambala ya madijiti pafupifupi 617. Kwa Alisi ntchito imakhalabe yopepuka, chifukwa njira ija yochoka pa 10² kupita pa 10⁴ imawirikiza kawiri pa sitepe iliyonse, ndiye masitepe masauzande ochepa amakwana. Eva ali ndi njira zochenjera kuposa kuyesa imodziimodzi, koma pa kukula kumeneku palibe yodziwika imene makompyuta a lero angamalize. Pa p wocheperako nkhani ndi ina. Mu 2015 akatswiri anaonetsa vuto limene analitcha Logjam: masamba ambiri a pa intaneti ankatha kukakamizidwa kugwiritsa ntchito p wa mabiti 512, ndipo ambiri ankagwiritsa ntchito p mmodzi yemweyo. Ntchito yaikulu yothyola imadalira p yekha, choncho ukaichita kamodzi, umatsegula mauthenga a onse ogwiritsa ntchito p ameneyo.

Nayenso g sasankhidwa mwachisawawa. Mndandanda wa 5 uli ndi nambala zonse kuyambira 1 mpaka 22. Mukayesa g = 22, zotsalira zimangosinthana 22, 1, 22, 1, ndipo kiyi sangakhale china koma chimodzi mwa ziwirizi, kaya Alisi asankhe nambala yaikulu bwanji. N'chifukwa chake pulogalamu yolembedwa bwino imakana ikalandira 1 kapena p − 1 kuchokera kwa mnzake.

Pali vuto lina limene kukula kwa nambala sikungathetse, ndipo ndi limene ndikuliona kuti n'lofunika kwambiri. Mpaka pano Eva amangomvetsera. Tiyerekeze kuti tsopano wakhala pakati, akutha kugwira uthenga n'kutumiza wake. Wasankha nambala yake, 5, ndipo 5⁵ imasiya 20. Alisi akatumiza 17, Eva aigwira, n'kutumiza 20 kwa Bobu. Bobu akatumiza 10, aigwiranso, n'kutumiza 20 kwa Alisi. Alisi awerengera 20⁷ mod 23, apeza 21. Bobu awerengera 20³ mod 23, apeza 19. Eva ali ndi zonse ziwiri, chifukwa 17⁵ imamupatsa 21 ndipo 10⁵ imamupatsa 19. Uthenga wa Alisi autsegula ndi 21, awerenga, autseka ndi 19, n'kuupititsa kwa Bobu. Zonse ziziyenda bwinobwino, ndipo Eva sanathyole masamu alionse. Njirayi imakutsimikizira kuti wagawana chinsinsi ndi munthu mmodzi yekha, koma sikuuza kuti munthuyo ndani.

Chizindikiro chake chilipo: Alisi ali ndi 21, Bobu ali ndi 19. Atapeza njira ina yofananitsira imene Eva sangaisinthe, bodza lionekera. Pa masamba a `https`, burawuza ndi seva zimapanga kiyi mwa njira yomweyi, ndipo seva imasainira zimene yatumizazo pogwiritsa ntchito satifiketi yake, chikalata chotsimikizira kuti sevayo ndi ya tsambalo, kuti wokhala pakati asalowetsepo 20 wake. Mu TLS 1.3, ndondomeko yobisira mauthenga pa `https` imene inatuluka mu 2018, nambala zachinsinsi zija zimasankhidwa zatsopano pokambirana kiyi watsopano, n'kutayidwa pambuyo pake, kotero woba satifiketi ndi kiyi wa seva chaka chamawa sangatsegule zimene anajambula lero. Nthawi zambiri masamu ake ndi a mtundu wina, monga X25519, amene amakwanitsa chitetezo chabwino ndi makiyi a mabaiti 32 okha, koma ndondomeko ndi yomweyi: chinsinsi changa, chosakaniza chako, yankho limodzi.

Pa WhatsApp kufananitsako mukhoza kukuchita nokha. Mukatsegula zambiri za munthu amene mumacheza naye n'kudina pa `Encryption`, mupeza nambala ya madijiti 60 ndi kodi ya QR. Nambalayo si kiyi wachinsinsi, imachokera ku makiyi apoyera a inu awiri, amene ali ngati 17 ndi 10 zija zimene zinatumizidwa aliyense akuona, ndiye palibe choopsa kuionetsa. Iyenera kufanana pa mafoni onse awiri. Kuifananitsa kuchitike muli limodzi maso ndi maso, kapena mwa njira ina yosadutsa mu macheza omwewo, chifukwa ngati pakati pali munthu, nambala yotumizidwa mmenemo akhoza kuisinthanso isanafike.