Ngongole iti iyambe kubwezedwa?

Dzulo ndinakhala pansi ndi kope kuti ndione ngongole yoyenera kuyamba nayo. Ndili nazo ziwiri: K50,000 kugolosale, yopanda chiwongoladzanja, ndi K150,000 kubanki m'khonde, komwe timalipira 20 peresenti mwezi uliwonse. Ndikapereka chiwongoladzanjacho, ndimatsala ndi K50,000 yochotsera ngongole.

Pali njira ija amaitcha sinobolo, yoti uyambe ndi ngongole yaing'ono, ikatha ndalama yake uiwonjezere pa yotsatira. Mtima unkafuna imeneyi, chifukwa mwezi umodzi wokha ndikanamasuka n'kumadutsa pagolosale osawerama. Koma ndikatero, ya kubanki m'khonde ikhalabe K150,000. Miyezi yotsatira ndipereka chiwongoladzanja cha K30,000, kenako K20,000, kenako K10,000. Zonse pamodzi K60,000.

Ndikayamba ndi ya chiwongoladzanja chokwera, mwezi woyamba itsika kufika K100,000. Ndipereka chiwongoladzanja cha K20,000, kenako K10,000, basi yatha. Agolosale alandira yawo mwezi wachinayi. Njira zonse ziwiri zikutha pa miyezi inayi, koma iyi ikundisiyira K30,000 m'thumba. Abale, imeneyo si ndalama yoitaya.

Sinobolo sindikuinyoza ayi. Ngongole zikachuluka ndipo chiwongoladzanja chake n'chofananako, kufufuta dzina limodzi m'kope kumalimbitsa mtima, ndipo ndalama yotayika ndi yochepa. Koma zikasiyana kwambiri ngati zangazi, kuchedwa kumadula.

Chovuta n'chakuti agolosale ayenera kuvomera kudikira. Mawa m'mawa ndikupita kukawapempha ndekha, ndi kuwauza tsiku lenileni limene ndidzawapatse.